Utsi wa pachiwaya ndi zojambula zitatu za molekyulu imodzi

Amene munaimapo pa Mvera, pamsewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima, mukudziwa zimene zimachitika mukayandikira chiwaya cha tchipisi pamene moto wachuluka ndipo mafuta ayamba kufuka. Musanamve n'komwe fungo la mbatata, maso amayamba kuwawa, misozi n'kulengeza. Zimenezi zimachitikanso m'khitchini ya nkhuni yopanda mazenera, kaya ndi ku Dowa kaya kumapiri a ku Ntchisi. Mu utsi wotere muli zinthu zambiri zoyabwa, koma chimodzi mwa zoluma kwambiri ndi kamolekyulu kotchedwa akirolini. Kamapezekanso mu utsi wa fodya.

Tasankha akirolini chifukwa ndi kamolekyulu kakang'ono kwambiri komwe kali ndi zonse zimene zimatisokoneza mitu pa phunziro la rezonansi. Kali ndi makaboni atatu, mahaidirojeni anayi ndi okosijeni mmodzi basi. Komabe kuti timvetse chifukwa chimene kamalumira maso, chojambula chimodzi cha papepala sichikwanira. Tiyenera kujambula zitatu, kenako n'kugamula kuti pa zitatuzo chachikulu ndi chiti. Ndipo chachikulucho si chimene chimafotokoza misozi ija.

Gwero lake n'losavuta. Mafuta ophikira, a soya kapena a mpendadzuwa, amamangidwa pa msana wa makaboni atatu wotchedwa giliserolo. Mafuta akatentha mopitirira muyeso, makamaka amene akazingiridwa kambirimbiri, giliseroloyo amamasuka, n'kutaya mamolekyulu awiri a madzi, ndipo chotsala ndi akirolini. Wina amachokera ku timaunyolo ta mafutawo tikamaduka pokumana ndi mpweya. Akirolini amawira pa madigiri 53 okha, choncho m'chiwaya chotentha sakhalitsa. Amauluka nthawi yomweyo.

Chojambula choyamba

Tiyambe ndi kuwerenga maelekitironi, chifukwa zolakwa zambiri za pamayeso zimayambira pomwepa. Kaboni aliyense amabwera ndi maelekitironi 4 a m'chigoba chakunja, ndiye makaboni atatu ndi 12. Mahaidirojeni anayi akuwonjezera 4. Okosijeni akubweretsa 6. Onse pamodzi ndi 22. Lembani nambala imeneyi pakona ya pepala, pakuti chojambula chilichonse chimene tidzajambule chiyenera kukhala ndi maelekitironi 22, osaposa, osachepa.

Makaboni timawapatsa manambala kuyambira pa amene wagwirana ndi okosijeni. Ameneyo ndi C1, wapakati ndi C2, wakumapeto ndi C3. Chojambula chimene aliyense amayamba nacho ndi ichi, ndipo tichitche A:

```
A:   CH2=CH-CH=O
     C3  C2 C1
```

Mzere uliwonse ukuimira maelekitironi awiri. Pali mabondi anayi opita ku mahaidirojeni, ndi mabondi atatu a msana wa molekyulu. Mabondi 7 amenewa, omwe amatchedwa a sigima, atenga maelekitironi 14. Pamwamba pa awiri mwa mabondi a msanawo pali mzere wachiwiri, womwe ndi bondi ya payi: wina pakati pa C3 ndi C2, wina pakati pa C1 ndi okosijeni. Amenewo ndi maelekitironi 4, ndipo tafika pa 18. Anayi otsalawo akhala pa okosijeni, awiriawiri, osalumikiza chilichonse. Timawalemba ngati timadontho. Ambiri timachita ulesi kulemba timadontho timeneti, ndipo ulesiwo ndi umene umatitayitsa malikisi pambuyo pake.

Tsopano yang'anani kandandalikidwe ka mizere: iwiri, umodzi, iwiri. Kusinthana kotereku ndiko kumatchedwa konjugeshoni. Tanthauzo lake lenileni si la mizere ayi. Maatomu anayi a msanawo, C3, C2, C1 ndi okosijeni, agona pathyathyathya pamodzi, ndipo iliyonse ili ndi kachipinda ka maelekitironi koima chilili, kotulukira pamwamba ndi pansi. Tizipinda tinayi timeneti tafola moyandikana, moti ka C2 kakukhudzana ndi ka C3 mbali ino, komanso ndi ka C1 mbali inayo. Maelekitironi anayi a payi aja sadziwa kuti ife tawajambulira mizere iwiri yolekana. Afalikira pa maatomu onse anayi. Chojambula A sichitha kunena zimenezi, n'chifukwa chake timafuna zina zochithandiza.

Kukankha maelekitironi

Chida chathu ndi muvi wopindika, umene akatswiri William Kermack ndi Robert Robinson anayamba kugwiritsa ntchito mu 1922. Muvi umodzi umasuntha maelekitironi awiri. Mchira wake umayambira pamene pali maelekitironi, pa mzere wa payi kapena pa timadontho, ndipo mutu wake umaloza kumene akupita. Muvi suyambira pa chizindikiro cha pulasi, chifukwa pulasi ndi malo amene maelekitironi akusowa. Mabondi a sigima sitiwakhudza, ndipo palibe atomu imene imasuntha.

Muvi woyamba tiuike pa bondi ya C1 ndi okosijeni. Okosijeni amakoka maelekitironi mwamphamvu kuposa kaboni. Pa sikelo ya Pauling okosijeni ali ndi 3.44 pomwe kaboni ali ndi 2.55. Ndiye tiyeni tinyamule maelekitironi awiri a payi tiwapereke onse kwa okosijeni. Tapeza B:

```
B:   CH2=CH-CH(+)-O(-)
```

Zizindikiro za pulasi ndi mayinasi sitimaziika mongoganizira. Timawerengera. Tengani maelekitironi amene atomu inabwera nawo, chotsanipo timadontho take tonse, chotsaninso chiwerengero cha mizere imene yaigwira. Okosijeni wa mu B anabwera ndi 6, ali ndi timadontho 6 ndi mzere umodzi, ndiye 6 kuchotsa 6 kuchotsa 1 ikupereka mayinasi 1. C1 anabwera ndi 4, alibe kadontho, ali ndi mizere itatu, ndiye watsala ndi pulasi 1. Pulasi ndi mayinasi zikafafanizana tikupeza ziro, monga momwe zinalili mu A. Chaji yonse ya molekyulu ikasintha pakati pa zojambula ziwiri, dziwani kuti mwataya kapena mwaba maelekitironi penapake.

Mu B muli chithunzi chimene tiyenera kuchizolowera mpaka tizichiona tili m'tulo: kaboni wa pulasi woyandikana ndi bondi ya mizere iwiri. Pamenepo nthawi zonse pamakhala muvi wina. Tengani maelekitironi a payi a pakati pa C3 ndi C2, muwagwetsere pakati pa C2 ndi C1. C1 wakhuta, koma C3 ndiye watsala ndi mizere itatu yokha. Nayi C:

```
C:   (+)CH2-CH=CH-O(-)
```

Pulasi yadumpha kuchoka pa C1 kupita pa C3, osatera pa C2. Zimenezi sizinachitike mwangozi. Yesani njira iliyonse yololedwa yokankhira maelekitironi kulowera kwa okosijeni, simudzapeza pulasi pa kaboni wapakati. Chaji m'molekyulu ya konjugeshoni imayenda molumpha atomu imodzi. Musaiwale mfundo imeneyi, tibwereranso.

Pakati pa A, B ndi C timalemba muvi umodzi wa mitu iwiri, ↔, osati mivi iwiri yoyang'ana kosiyana ija ya zinthu zimene zimasandulika n'kubwerera. Kusiyanaku si kwa kalembedwe chabe. Akirolini sakhala A m'mawa, C madzulo. Ganizirani nsima ya ufa wosakaniza, mbale zingapo za ufa wa chimanga ndi kambale kamodzi ka ufa wa chinangwa. Mtanda uliwonse ndi wofanana ndi unzake, kukoma kwake kwapendekera ku chimanga chifukwa ndicho chachuluka, koma kunanda kwake mukumva kuti muli chinangwa. Fanizoli lili ndi polekezera pake: ufa wa chimanga ndi wa chinangwa ulipodi, mutha kuuika m'mabeseni awiri, pomwe A, B ndi C palibe anaziikapo m'botolo. Chimene chilipo ndi molekyulu imodzi yosakanizikayo. Zojambulazo ndi njira yathu yoifotokozera ndi mizere ndi timadontho, njira imene Linus Pauling anaikhazikitsa m'zaka zoyambirira za m'ma 1930.

Zojambula zimene sizololedwa

Tisanagamule, tichotse kaye zinyalala. Cholakwa chimene timachiona kawirikawiri pa bolodi ndi ichi: munthu akufuna kuchoka pa A kufika pa C mwachidule, akukankha payi wa C3 ndi C2 kupita pakati pa C2 ndi C1, n'kuiwala kusuntha payi wa kwa okosijeni. Werengani mizere ya C1: iwiri kwa C2, iwiri kwa okosijeni, umodzi kwa haidirojeni. Isanu. Kaboni ali ndi malo a maelekitironi 8 okha, mizere inayi, ndipo naitirojeni ndi okosijeni n'chimodzimodzi. Chojambula chotere si chofooka ayi, kulibe n'komwe. Kuchoka pa A kufika pa C mwachindunji pamafunika mivi iwiri yoyenda pamodzi: wina ukulowa mwa C1, wina ukutuluka.

Cholakwa chachiwiri n'chochenjera. Ndi kukankha mivi chobwerera, kutenga payi wa C1 ndi okosijeni n'kumupereka kwa kaboni. Pamapeto pake timapeza mayinasi pa C3 ndi pulasi pa okosijeni wokhala ndi mzere umodzi ndi timadontho tinayi. Palibe kaboni wa mizere isanu, maelekitironi ndi 22, masamu onse akugwirizana. Koma okosijeniyo wazunguliridwa ndi maelekitironi 6 okha. Talanda atomu yaumbombo kwambiri m'molekyulu yonse n'kupatsa yofatsa. Chojambula chimenechi gawo lake n'lochepa kwambiri moti sitichiwerengera, ndipo mukachiika pa mndandanda wa zojambula zofunika, woyesa mayeso adzadziwa kuti mukungosuntha mivi osaganizira maatomu.

Kugamula chachikulu

Pali mafunso atatu, ndipo chofunika kwambiri ndi dongosolo lake. Loyamba: kodi atomu iliyonse yakwanitsa maelekitironi 8? Lachiwiri: kodi talekanitsa machaji angati pomwe panalibe? Lachitatu, lomwe limafunsidwa pokhapokha awiri oyambawo akalephera kulekanitsa: kodi mayinasi yakhala pa atomu yokoka maelekitironi kwambiri?

Pa akirolini mlandu suchedwa. Mu A makaboni onse ndi okosijeni ali ndi 8, ndipo palibe chaji paliponse. Mu B, C1 ali ndi 6 okha. Mu C, C3 ali ndi 6 okha. Ndiponso B ndi C zili ndi bondi imodzi yochepa poyerekeza ndi A, ndipo kupatula pulasi ndi mayinasi kumadya mphamvu. A wapambana pa funso loyamba ndi lachiwiri lomwe. Ndiye chojambula chachikulu, ndipo molekyulu yeniyeni imafanana nacho kwambiri.

Nanga pakati pa B ndi C? Ambiri amaika B patsogolo pang'ono, chifukwa pulasi ndi mayinasi zili moyandikana, ndiponso kaboni wa pulasi wagwirana ndi okosijeni amene angamubwezere maelekitironi. Ife tikuona kuti si nkhani yotayirapo nthawi yambiri. Zonse ziwiri ndi zazing'ono, ndipo malamulo athuwa amangotiuza chachikulu ndi chaching'ono, satipatsa maperesenti. Wina akakuuzani kuti C ndi magawo akutiakuti pa 100 alionse atangoyang'ana mizere papepala, mufunseni kuti wawerengera bwanji.

Kodi pali umboni woti B ndi C zili ndi gawo, kapena ndi masewera a pensulo chabe? Ulipo, ndipo umayezedwa. Bondi ya mzere umodzi pakati pa makaboni awiri wamba imatalika mapikomita 154, ndipo ya mizere iwiri imatalika 134. Mu akirolini bondi ya C2 ndi C1 ndi pafupifupi 147. Yafupika, monga C akulosera, koma idakali pafupi ndi ya mzere umodzi, monga A akunenera. Tisakokomeze: mbali ina ya kufupikako imabwera chifukwa chakuti makaboni ogwira maatomu atatu amapanga mabondi aafupi ngakhale popanda konjugeshoni. Umboni wina womveka bwino ndi wa kupendekera kwa chaji m'molekyulu yonse, komwe kumayezedwa m'madebai. Yerekezani akirolini ndi m'bale wake propanali, CH3-CH2-CH=O, amene ali ndi makaboni atatu omwewo koma alibe mizere iwiri kumapetoko. Propanali ali ndi pafupifupi 2.5, akirolini ali ndi 3.1. Kusiyanako kukusonyeza kuti mbali ina ya pulasi yakankhidwira kutali ndi okosijeni, mpaka ku C3.

Chaching'ono ndicho chimaluma

Tsopano tibwerere ku chiwaya. Mukayang'ana A yekha, bondi ya C3 ndi C2 ikuoneka ngati bondi wamba ya mizere iwiri, malo odzaza maelekitironi. Malo otere amakankha chilichonse chobwera ndi maelekitironi akeake. Mpweya wa etini, CH2=CH2, umene zipatso monga nthochi zimatulutsa zikamapsa, uli ndi bondi yotereyi ndipo suluma maso a munthu. Koma C akutiuza kuti mu akirolini kaboni wakumapeto ali ndi njala pang'ono. Ndipo ali poyera, palibe chomutchinga kupatula mahaidirojeni awiri.

M'thupi mwathu muli atomu imene imafunafuna malo otere: salufa wa pa sisiteini, imodzi mwa njerwa zomangira mapuloteni. Salufayu akataya haidirojeni wake amatsala ndi mayinasi, ndipo timamulemba RS(-), pomwe R ikuimira puloteni yonse yotsalayo. Amaponya maelekitironi ake pa C3, payi wa C3 ndi C2 n'kusunthira pakati pa C2 ndi C1, payi wa kwa okosijeni n'kukwera pa okosijeni. Onani kuti mivi iwiri yomalizayi ndi yomwe ija tinajambula pochoka pa A kupita pa C. Kulumikizana kwa mtundu umenewu kumadziwika ndi dzina la Arthur Michael, amene anakufotokoza mu 1887. Salufa angathenso kugwira pa C1, pomwe B akuloza, koma akagwira pamenepo amamasuka mosavuta. Akagwira pa C3 amakhazikika. Pa C2 safikapo, chifukwa palibe chojambula chimene chinaikapo pulasi.

Pa misempha ya m'maso ndi m'mphuno muli puloteni yotchedwa TRPA1, yomwe ili ngati kachitseko. Akirolini akamata pa masisiteini ake, kachitsekoko kamatseguka, msempha n'kutumiza uthenga wa ululu, misozi n'kutuluka. Gulu la David Julius, amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2021, linasonyeza mu 2006 kuti TRPA1 ndi amene amamva akirolini. Thupi limadziteteza ndi njira yomweyo: m'maselo muli kamolekyulu kotchedwa gulutathayoni, nakonso kali ndi salufa wa sisiteini, ndipo kamathamangira kugwira C3 mapuloteni asanagwidwe.

Anzathu amene mukuphunzira za unamwino ndi zachipatala mudzakumananso ndi kamolekyulu aka m'wodi. Mankhwala a khansa otchedwa saikulofosifamaidi, omwe amagwiritsidwa ntchito kuno ku Malawi pochiza khansa ya Burkitt mwa ana, akamaphwanyidwa m'thupi amatulutsa akirolini. Akiroliniyo amasonkhana mu mkodzo, n'kupsereza khungu la m'kati mwa chikhodzodzo mpaka wodwala kukodza magazi. N'chifukwa chake wodwala amapatsidwa madzi ambiri, ndipo mlingo wa mankhwalawo ukakhala waukulu amawonjezerapo mankhwala ena otchedwa mesina. Mesina ndi kamolekyulu kokhala ndi salufa kumapeto. Ntchito yake ndi kukafika m'chikhodzodzo n'kugwira C3 uja. Chojambula chimene tinachigamula kuti n'chaching'ono ndicho chikufotokoza matendawo ndi mankhwala ake omwe.

Pamene funso lachitatu limagwira ntchito

Salufa atagwira pa C3, chotsatira chake chili ndi mayinasi imodzi, ndipo nachonso chili ndi zojambula ziwiri:

```
D:   RS-CH2-CH=CH-O(-)
E:   RS-CH2-CH(-)-CH=O
```

Kuchoka pa D kufika pa E, timadontho tiwiri ta okosijeni tatsika kukapanga payi ndi C1, ndipo payi wa C1 ndi C2 wakwera pa C2 ngati timadontho. C3 tsopano wagwira maatomu anayi, alibenso kachipinda koima chilili, choncho watuluka m'masewerawo ndipo mivi siingamudutse.

Funsani mafunso aja. Maatomu onse ali ndi 8 mu D, ali ndi 8 mu E. Palibe wapambana. Chaji ndi imodzi uku, imodzi uko. Palibenso wapambana. Apa ndi pomwe funso lachitatu limalowa: mayinasi ili pa okosijeni mu D, ili pa kaboni mu E. D ndiye wamkulu.

Koma taonani chimene chimachitika kenako. Haidirojeni wa pulasi wochokera m'madzi amabwera kudzathetsa mayinasiyo. Atha kutera pa okosijeni, n'kupanga RS-CH2-CH=CH-OH, kapena pa C2, n'kupanga RS-CH2-CH2-CH=O. Chimene chimatsala pamapeto ndi chachiwirichi, chimene E wamng'onoyo analoza, chifukwa bondi ya mizere iwiri ya kaboni ndi okosijeni ndi yolimba kwambiri. Kukula kwa chojambula kumatiuza kumene maelekitironi achuluka. Sikulonjeza kuti zinthu zidzathera kumeneko.

Mamolekyulu awiri omalizawa ndi msampha wina wa pamayeso. Ali ndi maatomu ofanana, mizere iwiri yasuntha, ndipo wina amafulumira kuika ↔ pakati pawo. Ayi. Haidirojeni wachoka pa okosijeni wapita pa kaboni. Atomu yasuntha, ndiye ndi zinthu ziwiri zenizeni zosiyana, osati zojambula za chinthu chimodzi. Njira yodziyesera ndi yophweka: werengani mahaidirojeni a pa atomu iliyonse m'zojambula zonse. Nambala ikasintha paliponse, mwatuluka mu rezonansi.

Pamene okosijeni amanyamula pulasi

Tatsala ndi mlandu umodzi, womwe umagwetsa anthu amene analoweza malamulo osasamala dongosolo lake. Ikani akirolini mu asidi. Haidirojeni wa pulasi amatera pa timadontho ta okosijeni, ndipo zojambula zake ndi izi:

```
F:   CH2=CH-CH=O(+)H
G:   CH2=CH-CH(+)-OH
H:   (+)CH2-CH=CH-OH
```

Ambiri amasankha G. Amati okosijeni amadana ndi pulasi, ndipo kale lija tinataya chojambula chifukwa chomuika pulasi. Koma werengani bwino. Okosijeni wa mu F ali ndi mizere itatu ndi timadontho tiwiri, maelekitironi 8 athunthu. Uja tinamutaya anali ndi 6. Pulasi ya mu F ndi ya m'kaundula chabe, yobwera chifukwa chakuti okosijeni wagawana maelekitironi ake ndi mnzake, si dzenje. Mu G ndi mu H muli kaboni wa maelekitironi 6, ndipo limenelo ndiye dzenje lenileni. F wapambana pa funso loyamba, ndipo funso lachitatu silifunsidwa n'komwe.

Chimene chasintha n'chakuti G ndi H sizinalekanitse machaji monga zinachitira B ndi C. Zojambula zonse zitatu zili ndi pulasi imodzi. Mtengo wolekanitsa uja wachoka, choncho G ndi H zili ndi gawo lalikulupo kuposa limene B ndi C zinali nalo, ndipo C1 ndi C3 njala yawo yakula. Ichi n'chifukwa chake m'labu timathira kadontho ka asidi tikafuna kuti molekyulu ya mtundu uwu igwirane msanga ndi madzi kapena ndi zinthu zina zofooka.

Lamulo lomweli mutha kuliyesa pa thumba la feteleza. Yureya, amene alimi a ku Dowa amabereketsa chimanga, ndi kaboni mmodzi wogwira okosijeni ndi mizere iwiri, ndi magulu awiri a NH2. Naitirojeni aliyense ali ndi timadontho tiwiri moyandikana ndi bondi ya mizere iwiri, ndiye atha kutitsitsa kukapanga payi ndi kaboni, payi wa kwa okosijeni n'kukwera. Zojambula ziwiri zimene zimatuluka zili ndi pulasi pa naitirojeni ndi mayinasi pa okosijeni. Ndi zazing'ono poyerekeza ndi chopanda chaji, koma atomu iliyonse ili ndi 8, kotero n'zolemera kuposa B ndi C wa akirolini. Bondi ya kaboni ndi naitirojeni mu yureya ndi mapikomita pafupifupi 134, pomwe ya mzere umodzi wamba ndi 147. Ndipo mu naitireti, NO3(-), wa m'feteleza wa CAN, zojambula zitatu zimafanana pa mafunso onse atatu, palibe chachikulu, ndipo mabondi atatu a naitirojeni ndi okosijeni amayezedwa ofanana ndendende.

Amene mukufuna kudziyesa, tengani kirotonalidehaidi, CH3-CH=CH-CH=O, amenenso amapezeka mu utsi wa nkhuni ndi wa fodya. Ali ndi maelekitironi 28. Jambulani zitatu zake, muone ngati CH3 wakumapetoyo akulowa m'mivi yanu, ndipo muloze kaboni amene salufa wa gulutathayoni adzagwire.